Mitengo, anthu ndi magalimoto zandiphimbira nyumba pa renda

Kanjala3D
Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Ndili ndi renda ya nyumba yosanja, mashopu asanu pansi ndi maofesi pamwamba. Kutsogolo ndi mamita 24, msinkhu 7.5, khonde lolowa mamita awiri, ndipo yayang'ana kumpoto komwe kuli msewu. Modelo ndi ya SketchUp, kamera ili tsidya la msewu, chithunzi ndi cha mapikiselo 4000 m'lifupi. Nyumba payokha inatuluka bwino. Nditaika mitengo 9, anthu 22 ndi magalimoto 5 mu Photoshop, kasitomala akuti akuona msika, nyumba yake sakuiona. Komanso anthuwo akuoneka omata. Ndiyambire pati?

mai_wa_mapulani
Anthu 22 pa mashopu asanu? Chotsani theka musanafunse china chilichonse.

Zulu_Drafting
Kuchotsa kokha sikuthetsa. Anthu anayi oikidwa molakwika amaononga chithunzi chimodzimodzi ndi 22. A Kanjala, Eye Height munaika zingati, ndipo dzuwa ndi la mwezi uti, nthawi yanji?

Kanjala3D
Eye Height ndi 1.6. Dzuwa ndi lomwe linalipo potsegula fayilo, ndinangosuntha nthawi mpaka mthunzi unakongola.

Zulu_Drafting
Tiyambe ndi kutalika kwa anthu, za dzuwa zibwere pambuyo. Poti kamera ili pa 1.6, pachithunzi chanu pali mzere umodzi wopingasa umene chinthu chilichonse chotalika 1.6 chimathera, chikhale pafupi kapena patali, bola pansi pakhale pofanana. Ndiwo mzere wa maso. Upezeni motere: chitseko cha 2.1 chikakhala mapikiselo 210, ndiye kuti pakhomapo mita imodzi ndi mapikiselo 100, ndipo mzerewo uli mapikiselo 160 pamwamba pa nthaka ya patsinde pa nyumba. Kokani Guide pamenepo, muikhome ndi Lock Guides.

Tsopano munthu aliyense wamkulu woimirira pabwalo, maso ake akhale pamzerewo kapena pafupi nawo. Chimene chimasintha ndi mapazi. Wapafupi ndi kamera mapazi ake amatsika m'munsi mwa chithunzi, wapatali mapazi amakwera, koma mitu yonse ili pamzere umodzi. Ndiye poika munthu, yambani kusankha pamene mapazi aponde, kenako mumukulitse mpaka maso afike pa Guide. Osayamba ndi kukula n'kumafunafuna pomuika. Anthu omata ambiri amabadwa pamenepo: mutu wa wina uli m'mwamba mwa zenera, wa wina uli pa chogwirira chitseko, onse ali pabwalo limodzi.

Mzere womwewo umayeza china chilichonse:

```
kutalika_px = (mapazi mpaka mzere, px) x kutalika_m / 1.6
```

Mtengo wa mamita 8 umene tsinde lake lili mapikiselo 200 pansi pa mzere ukhala 200 x 8 / 1.6, ndiwo mapikiselo 1000. Mwana wa 1.2 amene mapazi ali 320 pansi pa mzere akhala 240, mutu wake sufika pamzere, ndipo n'zoyenera.

Tiza_Arch
Lamulo limenelo lili ndi malire kuno kwathu, a Zulu. Mapuloti ambiri a Chipata ndi otsetsereka, makamaka oyandikira mapiri. Ndipo nyumba ya mashopu siikhala pansi penipeni, imakwezedwa chifukwa cha madzi a mvula. Ngati khonde lakwera masentimita 45, woimirira pakhondepo mutu wake uyenera kupitirira mzere ndi mapikiselo 45. Mukamukakamiza pamzere, aoneka wamfupi ngati mwana wa sukulu.

Zulu_Drafting
N'zoona, n'chifukwa chake ndinati bola pansi pakhale pofanana. Pamalo otsetsereka njira yabwino ndi kuimika mizati ya 1.7 mu modelo momwemo, paliponse pamene mukufuna munthu, n'kutulutsa chithunzi china chokhala ndi mizatiyo pa Scene yomweyo. Chiikeni pamwamba ngati leya yoyezera. Mzati ukuuzani kutalika, ukuuzaninso kumene mthunzi ukugwera ndi utali wake. Mukamaliza muzimitse leyayo.

KapataBoy
Zonsezi n'zovutikiranji? Tengani Lumion kapena D5 Render, anthu ndi mitengo zili kale mkati, kukula kwake n'kolondola, mthunzi umabwera wokha.

mai_wa_mapulani
Pa laputopu yanji?

KapataBoy
Ndiye agule yabwino.

Chisomo_CAD
Achimwene, si onse ali ndi makina otere, ndipo magetsi akathima renda ili pakati, batire ya laputopu yoteroyo siikhalitsa. Koma ngakhale makina alipo, pulogalamuyo imangokonza kukula ndi mthunzi. Siikuuza kuti mtengo uwu waphimba khomo. Komanso mitengo yambiri ya m'malaibulale amenewo ndi ya maiko akunja. Nyumba ya ku Mchini yozunguliridwa ndi mitengo ya m'dziko la chipale, kasitomala sangatchule chomwe chalakwika, koma amaona kuti si kwawo.

Tiza_Arch
Tibwerere ku dzuwa, chifukwa yankho la a Kanjala landidetsa nkhawa. Fayilo ya SketchUp imene sinapatsidwe malo imawerengera dzuwa ngati ili ku Boulder, ku America, kumene dzuwa limadutsa kum'mwera. Ife tili pa madigiri pafupifupi 13.6 kum'mwera kwa ikweta, ndipo miyezi yambiri dzuwa lathu limapendekera kumpoto. Ndiye khoma lanu loyang'ana kumpoto, lomwe kuno limawala, fayiloyo ikhoza kuliika mumthunzi. Lowani mu Model Info, Geo-location, muike Latitude 13.6 S ndi Longitude 32.6 E, nthawi ikhale UTC+02:00, ndipo muonetsetse kuti kumpoto kwa modelo ndiko kumpoto kwa puloti.

Pa nyumba imeneyi ine ndingasankhe Juni, 10 koloko m'mawa. Nthawi imeneyo dzuwa lili kumpoto chakum'mawa, lakwera madigiri pafupifupi 45, ndiye mthunzi wa chinthu umatalika mofanana ndi chinthucho. Munthu wa 1.7, mthunzi wake 1.7. N'zosavuta kuyeza. Kamera yanu yayang'ana kum'mwera, choncho dzuwa lili kumbuyo kwanu chakumanzere, ndipo mithunzi yonse ithawira kutsogolo chakumanja. Munthu aliyense wodulidwa pachithunzi amene mukuika ayenera kukhala wowala mbali ya kumanzere. Ngati anajambulidwa dzuwa lili kumanja kwa chithunzi, mutembenuzeni ndi Flip Horizontal. Ngati anajambulidwa dzuwa lili kumbuyo kwake, kapena tsiku la mitambo, m'siyeni, palibe Curves imene ingamupulumutse pabwalo ladzuwa. Ameneyo malo ake ndi pansi pa khonde.

Za khondelo: ngati denga lake lili mamita atatu kuchokera pansi ndipo lalowa awiri, pa nthawi imeneyo mthunzi utsika pakhoma pafupifupi mamita 2.4, dzuwa lingogwira kam'munsi. Ndiye woimirira pafupi ndi chitseko cha shopu ali mumthunzi kuyambira kumutu mpaka cha m'mawondo. Ambiri amaika munthu wowala mbee pamenepo, ndiye diso limadziwa msanga kuti wamatidwa.

Kanjala3D
Ndakonza malo, mthunzi wasinthiratu mbali. Mithunzi ya anthu ndimapanga ndi Drop Shadow. Ndi yokwanira?

Chisomo_CAD
Ayi, Drop Shadow ndi ya zilembo pa chikwangwani. Imaika mthunzi kumbuyo kwa munthu ngati waima chotsamira khoma. Munthu amafuna mithunzi iwiri. Woyamba ndi wautali: koperani leya ya munthu, idetseni, igonekeni pansi ndi Distort kuti iyambire kumapazi ndi kulowera mbali imene mthunzi wa nyumba ukulowera. Ikani pa Multiply. Mtundu wake musatenge wakuda bii, tengani ndi Eyedropper pa mthunzi wa nyumba umene uli pa simenti yomweyo, ndipo musunthe Opacity mpaka iwiriyo ifanane mdima. Kawirikawiri imagwera pakati pa 50 ndi 70. Gaussian Blur ikhale yochepa kumapazi, yochulukirapo pang'ono kumutu.

Wachiwiri ndi umene ambiri amaiwala, kamthunzi kakang'ono kakuda pansi penipeni pa nsapato, mapikiselo atatu kapena anayi okha. Popanda kameneko munthu amayandama ngakhale mthunzi wautali uli bwino. Pa galimoto n'chimodzimodzi: pansi pa matayala ndi kunsi kwa bodi kuyenera kukhala kwakuda kuposa mthunzi wina wonse.

Onaninso m'mphepete mwa anthuwo ndi masamba. Mukaona kamzere koyera kozungulira, ndi zotsala za pamene anadulidwa. Layer, Matting, Defringe pa pikiselo imodzi kapena awiri. Pa mtengo umene unajambulidwa kumbuyo kuli thambo loyera, Defringe siikwana, timipata ta pakati pa masamba timakhalabe toyera mukauika patsogolo pa khoma lakuda. Mtengo wotere uikeni pamene kumbuyo kwake kuli thambo basi.

Ngoni_wa_Mtenguleni
Pepani kulowerera. Ine ndikufuna kudziwa mtengo wabwino wobzala kutsogolo kwa shopu, umene mizu yake siiphwanya simenti. Mango kapena jakaranda?

mai_wa_mapulani
Akulu, pano tikukamba mitengo ya pachithunzi. Koma iwiri mwatchulayo, yonse musaiyandikize ku maziko.

Zulu_Drafting
Funso lawo silili kutali kwenikweni. Mtengo umene sungabzalidwe pamalopo usaikidwenso pa renda. Ndimaona zithunzi zokhala ndi mango wamkulu mita imodzi kuchokera pakhoma, tsinde likutuluka m'simenti popanda ndi dothi lomwe. A Kanjala, mitengo 9 ija ili pati?

Kanjala3D
Isanu ili pamzere kutsogolo, pakati pa msewu ndi poimika magalimoto. Iwiri mbali iyi, iwiri mbali inayo. Yonse ndi mango umodzi wokopera.

mai_wa_mapulani
Ndiye vuto ndi limenelo, osati anthu okha. Mango ndi mtengo wa masamba othithikana, wakuda, wotambalala pafupifupi mofanana ndi msinkhu wake. Isanu pamzere ndi mpanda. Ndipo mtengo umodzi wokopera kasanu diso limaugwira nthawi yomweyo, chifukwa nthambi yokhota ija ikubwerezeka.

Ine ndingachite motere. Kutsogolo kwa mashopu kusakhale mango ngakhale umodzi. Mango wamkulu mmodzi apite kumanja kwa chithunzi, ndiko kumadzulo, chifukwa ndi dzuwa la a Tiza lija mthunzi wake uthawira kutali ndi nyumba. Mukauika kumanzere chakutsogolo, mthunzi wa mamita 8 ugwera pakhoma n'kudetsa mashopu awiri. Kumbuyo kwa nyumba ikani mitengo ingapo yosiyana imene nsonga zake zikungosuzumira pamwamba pa denga mbali imodzi, kuti mzere wa denga uoneke bwino pa zobiriwira. Imeneyo muichepetse Saturation, ndipo mu Levels mukweze mbali yakuda kuti ituwe pang'ono, pakuti chinthu chakutali sichikhala chakuda bii, makamaka nyengo ya fumbi ndi utsi.

Ngati kasitomala akufunadi mitengo pa poimika magalimoto, ikhale iwiri yaing'ono, yopepuka masamba, ya thunthu loyera mpaka mamita awiri ndi theka kuti maso adutse pansi pake n'kuona zitseko. Iime moyang'anizana ndi mzati, osati ndi khomo kapena chikwangwani.

Chomaliza, pansi pa chithunzi. Phula kapena dothi lowala lodzaza m'munsi monse limakoka maso. Ikani mthunzi wa mtengo umene uli kunja kwa chithunzi, kumbuyo kwa kamera chakumanzere, ugwere m'munsimo. Dzuwa likuloleza zimenezo, ndipo m'munsi mukada, nyumba ndiyo imatsala yowala.

KapataBoy
Ikani jakaranda wamaluwa awiri, makasitomala amakonda. Renda yopanda mtundu siigulitsa.

Tiza_Arch
Jakaranda amachita maluwa cha mu Seputembala ndi Okutobala. Mukamuika wamaluwa, mwasankha nyengo, ndiye zina zonse zitsatire: udzu wouma, thambo lotuwa, dzuwa lokwera kwambiri. Mu Okutobala 10 koloko mthunzi wa munthu sukwana ndi theka la msinkhu wake, ndipo khoma la kumpoto dzuwa limangolipsepsa. Jakaranda wamaluwa, kapinga wobiriwira wa Febuluwale ndi mthunzi wautali wa Juni pa chithunzi chimodzi, munthu wa kuno amaona kuti pali bodza. Msangu ndi chimodzimodzi koma mozondoka: umayoyola masamba nthawi ya mvula, ndiye mu chithunzi cha Juni ukhale ndi masamba.

KapataBoy
Palibe kasitomala amene anawerengapo mwezi pa renda, amayi. Amafuna chokongola.

Chisomo_CAD
Pa mwezi mwina a Kapata akunena zoona, ambiri sangafunse. Koma chifukwa china chokanira jakaranda wamaluwa chilipo. Mtundu wake ndi wamphamvu kuposa penti iliyonse ya nyumbayo, ndiye diso limayamba kupita kumeneko. Ngati mumufuna, akhale mmodzi, m'mbali, theka lake litadulidwa ndi malire a chithunzi, Saturation itatsitsidwa ndi 20 kapena 30.

KapataBoy
Mukatsitsa chonchi ndiye mwamuikiranji?

Zulu_Drafting
Tisiye jakaranda, tikambe magalimoto, pakuti ndiwo amadya malo ambiri. Tinene kuti nyumba ili mamita 30 kuchokera pa kamera, ndipo njira yapafupi ya msewu ili mamita 10. Chilichonse cha panjira imeneyo chikula katatu, mita imodzi ndi mapikiselo 300. Hilux ndi yotalika pafupifupi mamita 5.3, ndiye itenga mapikiselo pafupifupi 1600, pamene nyumba yonse ndi 2400. Msinkhu wake ndi cha mu 1.8, kupitirira mzere wa maso, choncho iphimba mashopu atatu kuyambira pansi mpaka pafupi ndi pamwamba pa zitseko. Corolla ndi cha mu 1.45, denga lake likhala pansi pa mzere, koma iphimbabe masitepe ndi m'munsi mwa zitseko. Galimoto imodzi panjira yapafupi yafuta mbali yaikulu ya pansi pa nyumba.

Ndiye magalimoto apite kufupi ndi nyumba kumene ali aang'ono. Awiri oimikidwa, kumapeto, m'malo awo a 2.5 kwa 5, ndipo malo oyang'anizana ndi khomo la masitepe opita ku maofesi akhale opanda kanthu. Mtundu ukhale woyera, wasiliva kapena wotuwa, zomwe ndi zofala pamsewu wathu. Yofiira imakoka maso ngati wovala chitenje cha ukwati pamaliro.

Ya pamsewu ngati ikufunika, imodzi, ikutuluka m'chithunzi, ndi Motion Blur pang'ono. Ndipo samalani mbali. Ife timayenda kumanzere, ndiye mukaima m'mbali mwa msewu, galimoto ya panjira yapafupi ndi inu imachokera kumanja kupita kumanzere, ya panjira yakutali imapita kumanja. Magalimoto ambiri a mu 3D Warehouse ali ndi chiwongolero kumanzere. Mu modelo mukhoza kuwatembenuza ndi Flip, koma nambala ndi zilembo zitembenukanso, ndiye muzifute. Mu Photoshop kutembenuza kumasinthanso mbali ya kuwala.

Kanjala3D
Pali vuto apa. Kasitomala akufuna Land Cruiser yake ioneke pakhomo penipeni, ndipo ndi yakuda.

mai_wa_mapulani
Iikeni, ndi ndalama zake. Koma kumapeto a kumanja, pansi pa mango, mphuno itayang'ana ku nyumba. Yakuda mumthunzi imakhala chete. Mumpatse zithunzi ziwiri ngati akukakamira.

Tiza_Arch
Ndipo musaiwale njinga. Chithunzi cha Chipata chokhala ndi magalimoto asanu popanda njinga ngakhale imodzi ndi cha tauni ina. Njinga ili ndi ubwino wina: ndi yoonekera mkati, siiphimba khoma, koma imauza msinkhu mofanana ndi galimoto. Iwiri yotsamira kumapeto kwa khonde, imodzi ikudutsa pamsewu m'malo mwa galimoto ija.

Chisomo_CAD
Vuto ndi kupeza zithunzi zodulidwa za anthu a kuno. Za pa intaneti zambiri ndi azungu ovala majekete a chisanu atanyamula kapu ya khofi.

KapataBoy
Pitani ku Saturday Market ndi foni, mujambule, mudule. Basi.

mai_wa_mapulani
Osajambula nkhope za anthu osawapempha n'kuziika pa chikwangwani cha malonda a wina. Pemphani anzanu ndi abale, muwajambule pabwalo 10 koloko dzuwa lili kumbuyo kwanu chakumanzere, foni ili pa msinkhu wa maso anu, mutaima patali mamita asanu kapena kuposa kuti miyendo isapotoke. Aliyense kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali, akuyenda. Mukajambula muli pafupi, mapazi amaoneka ngati mukuwayang'ana kuchokera pamwamba, ndiye sagwirizana ndi pansi mukawaika patali.

Zulu_Drafting
Kapena awachite oyera oonekera mkati, Opacity 60, nkhani ya nkhope ithe.

mai_wa_mapulani
Izo zimayenda kwa akatswiri anzathu ndi pa mapepala a ku khonsolo. Mwini shopu akaona zotere amafunsa kuti mizukwa iyi ndi ya chiyani pa nyumba yanga.

Zulu_Drafting
Si onse. Ena amakonda, chifukwa nyumba imaonekera.

Tiza_Arch
Pa kuchuluka, 22 atsike pa 8 kapena 10, koma chofunika ndi pamene aima. Asamwazike motalikirana mofanana. Awiri akucheza pafupi ndi khomo la maofesi, mmodzi akulowa mu shopu, mayi ndi mwana akukwera sitepe, mmodzi pa khonde la pamwamba kuti anthu aone kuti kumwambako kumafikika. Ambiri ayang'ane kapena ayende cholowera ku nyumba, pakuti diso la woona limatsata kumene anthu a pachithunzi akupita. Woyang'ana mu kamera asapezeke, nkhope imagwira diso kuposa china chilichonse. Wapafupi ndi kamera akhale mmodzi yekha, m'mbali, atatembenuka msana, ali mumthunzi wa m'munsi uja. Chovala chowala chikhale chimodzi, ndipo chiime pakhomo limene mukufuna kuti liyambe kuoneka.

Poyesa, ikani leya ya Black & White pamwamba pa zonse, muchepetse chithunzi mpaka chikhale ngati cha pa foni. Pamene kuwala ndi mdima zakumana mwamphamvu kwambiri payenera kukhala pa nyumba. Pakakhala pa galasi la galimoto kapena pa malaya a munthu, chimenecho chitsitsidwe ndi Curves yake yokha, yomangiriridwa ndi Clipping Mask.

Kanjala3D
Ndasiya mango mmodzi kumanja, mitengo itatu kumbuyo, anthu 9, magalimoto awiri ndi njinga zitatu. Pa Black & White nyumba ndiyo ikutsogola tsopano. Chatsala ndi magalasi a mashopu. Mayi waima mita imodzi kuchokera pa galasi koma m'galasimo mulibe chilichonse, ndipo mkati mwa mashopu ndi mwakuda.

Chisomo_CAD
Koperani mayiyo, muike kopeyo kuseri kwake mita imodzi kulowa mkati mwa galasi, yocheperako pang'ono, Opacity 15 mpaka 25, ndipo muidule ndi Layer Mask kuti isakwere pa mafelemu. Kunena zoona galasi liyenera kuonetsa mbali yake imene ife sitikuiona, koma pa Opacity yotere palibe amazindikira ngati waima cham'mbali. Mkatimo ikani mashelefu osaoneka bwinobwino ndi kuwala pang'ono, apo ayi mashopu aoneka otsekedwa.

Tiza_Arch
Galasi loyang'ana kumpoto liyeneranso kuonetsa za tsidya la msewu, kumene kamera yaima, ndipo kumeneko kuli dzuwa pamene galasilo lili mumthunzi wa khonde, ndiye zidzaoneka mwamphamvu kuposa mayiyo. Mu modelo yanu kumbuyo kwa kamera kulibe kanthu, n'chifukwa chake magalasi atuluka akuda. Pitani pa puloti m'mawa, mufulatire malo a nyumbayo, mujambule tsidyalo, mutembenuze chithunzicho ndi Flip Horizontal, muchiike pa magalasi apansi pa Screen. Apamwamba aonetse thambo ndi nsonga za mitengo zokha.

KapataBoy
Tsidya lake likakhala la makontena ndi mulu wa mchenga, muikabe?

Tiza_Arch
Pa Opacity 20 ndi Gaussian Blur, inde.

mai_wa_mapulani
Ine makontenawo ndingawafute. Kasitomala akakulitsa chithunzi pa foni adzawaona.